Kope la zolakwa: mafunso ndi mayankho kwa ophunzira unamwino ndi uzamba mu Blantyre

Ophunzira ambiri a zaumoyo mu mzinda uno, kaya ndi a ku KUHeS kaya a m'makoleji ena omwe amabwera kudzagwira ntchito yophunzira m'mawodi a ku Kwinzi, masiku ano amakonzekera mayeso pogwiritsa ntchito nkhokwe za mafunso. Zina zili pafoni, zina ndi mapepala a mayeso akale omwe amayenda m'magulu a WhatsApp, zina ndi mabuku a mafunso osankha yankho. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe ophunzirawo amakonda kundifunsa, ndipo onse akukhudza chinthu chimodzi: funso lomwe mwalakwa mulichite chiyani kuti lisadzakugwetseninso.

Nkhokwe yomwe ndimagwiritsa ntchito imasunga yokha mafunso omwe ndalakwa. Nanga kope ndi la chiyani?

Nkhokweyo imadziwa kuti mwalakwa funso la 17. Chomwe siyidziwa ndi chomwe chinali m'mutu mwanu pamene mumasankha yankho lolakwikalo, ndipo mankhwala agona pomwepo. Anthu atatu akhoza kulakwa funso limodzi pa zifukwa zitatu. Woyamba mutuwo sanauwerengepo. Wachiwiri amaudziwa koma anasokoneza matenda awiri ofanana. Wachitatu amadziwa zonse, kungoti sanaone mawu oti EXCEPT kumapeto kwa funso. Mukawauza onsewa kuti akawerengenso mutuwo, mwathandiza mmodzi yekha, awiri enawo mwawatayitsa nthawi.

Inu a zaumoyo mukudziwa kuti wodwala akanena kuti mutu ukuwawa, ilo ndi dandaulo chabe, nthenda simunaipeze. Malikisi otsika nawonso ndi dandaulo, ndipo kope ndi pomwe mumafufuzira nthendayo.

Ndizilembamo chiyani kwenikweni?

Gulani hadikava, mutsegule masamba awiri oyang'anizana, mujambule madanga asanu ndi limodzi. Loyamba ndi tsiku ndi komwe funso lachokera, kuti mudzathe kulipezanso. Lachiwiri ndi mutu wake, koma mutu wopapatiza: osangolemba "uzamba", lembani "kutaya magazi mayi asanachire". Lachitatu ndi zomwe munasankha ndi chifukwa chomwe munazisankhira. Lachinayi ndi mtundu wa cholakwa, chilembo chimodzi chokha. Lachisanu ndi mfundo yolondola m'mawu anuanu, chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Lomaliza mulisiye lopanda kanthu, ndi la masiku obwereza.

Danga lachitatu ndi lomwe anthu amalidumpha, chifukwa limachititsa manyazi ndipo limafuna kuganiza. Koma mukalidumpha, kope lonse lasanduka manotsi wamba. Lembani zoona zake, ngakhale zikhale zoti "ndinaona mawu oti malungo n'kuthamangira yankho lomwe ndinalizolowera".

Funso lonse musakopere. Limadya mphindi zambiri, komanso mukadzaliwerenganso mudzangokumbukira maonekedwe ake, mfundo osaigwira.

Mungaonetse chitsanzo cha mzere wolembedwa bwino?

Tiyerekeze funso ili: mwana wolemera makilogalamu 14 wagonekedwa ndi malungo aakulu, mlingo woyamba wa atesuneti ndi wotani? Wophunzira wachulukitsa 14 ndi 2.4, wapeza 33.6, wasankha yankho la mamiligalamu 34. Yankho lolondola ndi 42.

Wolemba mothamanga angolemba kuti "malungo, mlingo wa atesuneti, yankho ndi 42". Mzere umenewo ulibe ntchito, chifukwa pa mayeso mwana adzakhala wa makilogalamu 11 kapena 23, ndipo 42 sadzathandiza. Wolemba bwino ayamba wafunsa kuti cholakwika chili pati. Masamu ake ali bwinobwino. Chomwe sankadziwa ndi choti kuyambira mu 2015 malangizo a WHO amati mwana wosakwana makilogalamu 20 azilandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, pomwe 2.4 ndi wa omwe afika makilogalamu 20 kupita m'tsogolo. Ndiye m'danga lachitatu alemba kuti "ndinagwiritsa 2.4 poganiza kuti ndi wa aliyense". M'danga lachisanu alemba kuti "ndisanachulukitse ndiyang'ane sikelo: pansi pa 20 ndi 3, kuyambira 20 ndi 2.4, amabaya poyamba, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24". Mfundo imeneyo iyankha mafunso onse a mtundu umenewu, kaya mwanayo alemere bwanji.

Taonani funso lina lomwe pamwamba likuoneka lofanana nalo. Diripi ya mamililita 1000 ithe m'maola 8, chipangizo chake chimatulutsa madontho 20 pa mililita imodzi, madontho akhale angati pa mphindi? Wophunzira wagawa 1000 ndi 8, wapeza 125, ndipo poti 125 ali pa mndandanda wa mayankho, wasankha. Koma 125 ndi mamililita pa ola, pomwe funso limafuna madontho pa mphindi:

```
(1000 × 20) ÷ (8 × 60) = 41.7
```

Yankho ndi madontho 42 pa mphindi. Mafunso onse awiri ndi a kuwerengetsera mankhwala, ndipo nkhokwe iwaika pa mutu umodzi. Koma loyamba linagwa chifukwa cha mfundo yosadziwika, lachiwiri chifukwa chosayang'ana chomwe funso likufuna. Olemba mafunso amadziwa misampha imeneyi, n'chifukwa chake 34 ndi 125 amapezeka pa mayankho. Mukaona kuti yankho lomwe mwapeza lilipo, sizitanthauza kuti mwakhoza.

Mitundu ya zolakwa ndi iti, ndipo ikhale ingati?

Isanu ndi yokwanira. Ikachuluka mudzayamba kutaya nthawi posankha chilembo. Ine ndimalangiza izi: S, sindinkadziwa, K, ndinasokoneza zinthu ziwiri, F, funso sindinaliwerenge bwino, M, masamu, N, nthawi inandithera kapena ndinasintha yankho lolondola chifukwa cha mantha.

Povuta ndi kusiyanitsa S ndi K, komanso S ndi F. Mtima umakonda kulemba F, poti kunena kuti "ndinangothamanga" n'kosapweteka kusiyana ndi kuvomera kuti sumadziwa. Njira yodziyesera ndi iyi. Mukaona kuti mwalakwa, musanawerenge kufotokoza kwa nkhokwe, werenganinso funsolo pang'onopang'ono. Mukapeza yankho lolondola nokha ndi kutha kunena chifukwa chake, imeneyo ndi F yeniyeni. Mukatsala ndi mayankho awiri n'kumakayikabe, ndi K. Ngati mpaka mutawerenga kufotokozako ndi pomwe mukuti "ooh", ndi S, ngakhale mfundoyo ikumveka ngati munaimvapo m'kalasi. Kuizindikira mfundo wina akaitchula ndi kwina, kuitulutsa nokha m'mutu ndi kwinanso, ndipo mayeso amafuna chachiwiricho.

Mafunso omwe ndakhoza mongolota ndilembenso?

Inde, ndipo apa ndimalimbikira kwambiri. Funso la mayankho anayi, munthu wosadziwa kalikonse amakhoza limodzi mwa anayi alionse. Mukachotsa mayankho awiri n'kulota pa awiri otsalawo, theka mudzakhoza. Nkhokwe idzakuikirani chizindikiro chobiriwira, inu n'kudutsa, koma dzenjelo likadalipo.

Choncho pamene mukuyankha, khalani ndi kapepala pambali. Funso lililonse lomwe simunatsimikize, lembani nambala yake musanaone yankho. Pomaliza, mafunso amenewo alowe m'kope limodzi ndi olakwa, kaya mwakhoza kaya ayi. Mukadikira kuti muone yankho kaye, mtima udzakuuzani kuti mumadziwa kale.

Palinso gulu lina loyenera kulizunguliza ndi cholembera chofiira: mafunso omwe munali otsimikiza kwathunthu koma mwalakwa. Amenewa akusonyeza kuti muli ndi mfundo yabodza yomwe yakhazikika, ndipo mfundo zotere zimakonda kubwerera pakapita masabata ngakhale munazikonza. Kuwodi ndi zomwe zimaopsa kwambiri, chifukwa munthu wotsimikiza safunsa mnzake.

Kodi izi sizidya nthawi yomwe ndikanayankhira mafunso ambiri?

Zimadya. Ngati mafunso 40 mwayankha pa ola limodzi, kuwaunika ndi kulemba kudzatenga ola linanso, poyamba mwina kuposerapo. Koma woyankha mafunso 100 patsiku osaunika amangodziyeza tsiku ndi tsiku, zolakwa zomwezo n'kumazibwereza mpaka kuzizolowera. Ngati mzere umodzi ukukutengerani mphindi zoposa zitatu, mukulemba zambiri. Mutu womwe ukufunika kuwerenga kwenikweni muupatse S, mupitirire, mudzauwerenga pa nthawi yake.

Ndalemba kwa sabata yathunthu. Ndondomeko yobwereza ituluka bwanji m'menemu?

Sankhani tsiku limodzi pa sabata, monga Lamulungu madzulo, mukhale pansi theka la ola muwerengetsere mizere yanu kawiri: koyamba potsata chilembo, kachiwiri potsata mutu.

Tiyerekeze wophunzira wa chaka chomaliza yemwe akukonzekera mayeso a Khonsolo ya Anamwino ndi Azamba. Sabata ino wayankha mafunso 120. Walakwa 41, ndipo 13 wakhoza mongolota, ndiye m'kope muli mizere 54. Nkhokwe ikumuuza kuti wakhoza 79, koma omwe amawadziwadi ndi 66. Atawerenga zilembo wapeza K 19, S 14, F 9, M 8, ndi N 4. Atawerenga mitu wapeza kuti mizere 22 ndi ya uzamba, 15 ya matenda a ana, 11 ya mankhwala, yotsalayo yamwazikana.

Akanangoona mitu yokha, akanati "uzamba ukundivuta", n'kuyamba buku la uzamba pa tsamba loyamba. Masabata awiri akanathera pomwepo. Koma ataphatikiza mawerengedwe awiriwo akuona kuti mwa mizere 22 ija, 12 ndi K, ndipo pafupifupi yonse ikuzungulira malo awiri: kutaya magazi mayi asanachire, ndi kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya pakati. Vuto lake si uzamba wonse, ndi zinthu zochepa zomwe amazisakaniza.

K sachira ndi kuwerenga mutu umodzi pawokha. Amachira mukaika zinthu ziwirizo pambali pa chinzake. Wophunzira uja atenge tsamba aligawe pakati, buku litatsekedwa: mbali ina nsengwa yomwe yakhala m'munsi n'kutseka khomo la chiberekero, mbali ina nsengwa yomwe yamatuka nthawi isanakwane. Yoyamba magazi amatuluka ofiira, mayi osamva ululu, mimba ili yofewa. Yachiwiri mayi amamva ululu, mimba imauma gwa, ndipo magazi ooneka kunja akhoza kukhala ochepa pomwe ambiri abisala mkati. Akalemba zomwe akukumbukira, atsegule buku, akonze ndi cholembera cha mtundu wina, kenako asake mafunso atsopano khumi a mutu womwewo.

Tsopano maola. Tinene kuti pa sabata ali ndi maola 12 owerenga. Atatu apite ku mafunso atsopano, atatu ku kuunika ndi kulemba, awiri ku kudziyesa pa mizere yakale, anayi otsalawo ku kukonza. Mwa anayiwo, awiri ndi a masamba oyerekezera a K aja. Ola limodzi ndi lowerenga mitu iwiri yokha ya S, yomwe yabwera kawirikawiri. Ola lomaliza ndi la masamu, koma lodulidwa mphindi khumi tsiku lililonse kwa masiku asanu ndi limodzi, chifukwa kuwerengetsera kumafuna dzanja lizolowere. F ndi N salandira ola ngakhale limodzi. Amafuna kusintha kachitidwe: kuwerenga chiganizo chomaliza cha funso poyamba, kulemba pambali chomwe chikufunidwa, monga "madontho pa mphindi", musanagwire nambala, ndi kuyankha mafunso wotchi ili patsogolo.

Pa ndondomekoyo musalembe "Lachiwiri: uzamba". Lembani "Lachiwiri 7 koloko madzulo: tsamba loyerekezera mitundu iwiri ya kutaya magazi, kenako mafunso 10". Ntchito yolembedwa chonchi mumadziwa ngati mwaimaliza kapena ayi.

Nanga mizere 14 ya S, bwanji mwangotengapo mitu iwiri?

Chifukwa ola limodzi silingakwane yonse, ndipo mizereyo siyolemera mofanana. Yambani ndi mutu womwe wabwera kangapo, womwe uli m'silabasi yanu, komanso womwe kuwodi mumakumana nawo. Ngati katatu konse mwalephera za zizindikiro zoti maginiziyamu salufeti wachuluka m'thupi la mayi, monga kusiya kudumpha kwa mwendo bondo likagogodedwa, kupuma mochedwa ndi kuchepa kwa mkodzo, komanso kuti wothetsa wake ndi kashiamu gulukoneti, umenewo ukhale woyamba. Funso limodzi la nthenda yosowa lomwe labwera kamodzi, mfundo yake ya chiganizo chimodzi ija yakwana. Likadzabweranso sabata yamawa, pamenepo lapeza malo pa ndondomeko.

Mizere yakale ndiziibwereza liti, ndipo motani?

Tiyambe ndi motani, poti apa ndi pomwe makope ambiri amafera. Kuwerenga kope kuyambira pamwamba mpaka pansi uku mukugwedeza mutu si kubwereza. Phimbani danga la mfundo yolondola ndi pepala, werengani mutu ndi cholakwa chanu chakale, nenani mfundoyo mokweza kapena ilembeni, kenako vundukulani. Kafukufuku wa Roediger ndi Karpicke wa mu 2006 anaonetsa kuti ophunzira omwe anangowerenga nkhani mobwereza ankakumbukira bwino patangopita mphindi zisanu, koma patatha sabata omwe anadziyesa ndiwo anakumbukira zambiri. N'chifukwa chake kuwerenga kumakoma pomwe kudziyesa kumatopetsa: phindu la kudziyesa limaoneka mochedwa.

Za masiku, yambani chonchi: mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha sabata, kenako pakatha masabata awiri kapena atatu. Manambalawa si lamulo, chofunika n'choti mpata uzikula. Kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, Hermann Ebbinghaus anazionetsa kale mu 1885, ndiye kubwereza koyamba kusachedwe. M'danga lomaliza lija lembani tsiku ndi chizindikiro choti mwakhoza kapena mwalephera. Mukalephera, mzerewo ubwerere poyambira.

Mzere umachoka liti m'kope?

Mukaukhoza katatu motsatizana pa masiku osiyana, komanso mutakhoza funso latsopano la mfundo yomweyo. Mbali yachiwiriyi musaisiye. Funso lomwe munaliona kale mukhoza kulikhoza chifukwa mwakumbukira kuti yankho linali C, kapena kuti linali lalitali kuposa ena. Ichi ndi chifukwa chake malikisi a ulendo wachiwiri pa nkhokwe yomweyo amakwera msanga ndi kunamiza anthu. Ngati mafunso atsopano palibe, sinthani manambala nokha: mwana uja akhale wa makilogalamu 22, diripi ija ikhale ya mamililita 500 m'maola 6.

Pepala kapena foni?

Chilichonse chomwe mudzachitseguladi. Excel kapena Google Sheets imawerengetsera zilembo ndi mitu mosavuta, ndipo pulogalamu yodziyesera ya Anki imakukumbutsani yokha masiku obwereza. Hadikava siifuna bando kapena chaji, magetsi akazima imagwirabe ntchito, ndipo mu minibasi yochokera ku Bangwe kapena ku Chilomoni mukhoza kudziyesa mizere khumi musanatsike pa Ginnery Corner. Chimodzi chokha ndimakana: kujambula zithunzi za mafunso pafoni n'kumati ndilo kope. Zithunzizo zimangodzaza foni, ndipo mulibemo chifukwa chomwe munalakwira.

Nkhokwe ikunena zina, aphunzitsi ndi kuwodi akunena zina. Ndilembe ziti?

Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa nkhokwe zambiri za pafoni zinalembedwera mayeso a ku America, monga NCLEX, kapena a ku Britain. Mankhwala oyamba kupereka, ndondomeko ya katemera, ngakhale manambala a zoyeza za ku labu zimasiyana. Shuga wa m'magazi, mwachitsanzo, ena amalemba mu mg/dL ena mu mmol/L, ndipo kuchoka ku yoyamba kupita ku yachiwiri mumagawa ndi 18. Atesuneti uja nayenso, mabuku ena a ku America amalemba 2.4 kwa aliyense posatengera kulemera. Mapepala oyenda pa WhatsApp ali ndi vuto lawo: mayankho ake nthawi zambiri analemba ndi wophunzira mnzanu, ndipo ena ndi a zaka zomwe malangizo anali asanasinthe.

Mukakayikira, musalembe kaye mfundo m'danga lachisanu. Ikani chizindikiro cha funso, mukayang'ane m'buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo lomwe likugwira ntchito panopa, monga MSTG, kapena mukafunse aphunzitsi a phunzirolo. Mukapeza, lembani zonse ziwiri: "nkhokwe ikuti chakuti, kuno ndi chakuti". Mzere wotere musauwerengere pa zolakwa zanu za sabata. Ndipo kumbukirani kuti kope ndi la mayeso: pamaso pa wodwala, mlingo uliwonse utsimikizidwe ndi malangizo a pawodi ndi okuyang'anirani.

Ndidziwa bwanji kuti zikugwira ntchito?

Musayang'ane malikisi a tsiku limodzi, amakwera ndi kutsika malinga ndi mafunso omwe agwa. Yerekezani mawerengedwe a Lamulungu a masabata atatu kapena anayi. F ndi M ndiwo amayenera kutsika msanga, chifukwa ndi a chizolowezi. Mafunso olota nawo azichepa. S akhoza osatsika ngati mukulowa m'mitu yatsopano, ndipo zimenezo si zodandaulitsa. Chodandaulitsa ndi mutu umodzi kubwera masabata atatu otsatizana ndi chilembo chomwecho. Pamenepo njira yomwe mukukonzera siikugwira, kapena chilembo munaika cholakwika: zomwe mumati K mwina ndi S, maziko ake simunawamvetse. Tengani mizereyo mupite nayo kwa aphunzitsi kapena kwa mnzanu yemwe mutuwo amautha. Munthu akabwera ndi funso loti "ndimasokoneza izi ndi izi, pa chifukwa ichi", amathandizika m'mphindi zochepa.

Sabata ya naiti kuwodi, kapena mayeso akatsala masabata awiri, ndidule chiyani?

Sabata ya naiti dulani mafunso atsopano, musadule kudziyesa pa mizere yakale. Mphindi khumi ndi zisanu mukadzuka masana zikwanira kuti masiku obwereza asaunjikane. Mafunso 40 oyankha ndi tulo amangodzaza kope ndi F zomwe sizikunena zoona za inu.

Mayeso akayandikira, siyani kutsegula mitu yatsopano ya S pokhapokha ikhale ikuluikulu. Pitani m'kope lonse, mutole mizere yomwe munailephera kawiri kapena kuposerapo pamodzi ndi yozungulizidwa ndi chofiira ija, muikopere pa masamba awiri kapena atatu. Masiku otsalawo muzidziyesa pa masamba amenewo m'mawa, ndipo kawiri pa sabata mulembe pepala lathunthu pa nthawi yofanana ndi ya mayeso enieni, foni itazimitsidwa. Zolakwa za m'mapepala amenewo zilembeni monga mwa nthawi zonse, koma masiku obwereza afupike: mawa lake, ndi pakatha masiku atatu.